Ramu yalembedwa 1600 koma CPU-Z ikuonetsa 798, ndipo masana kompyuta ikugwa

Wamakompyuta pa Boma: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndabwera ndi nkhani ya kompyuta ya kasitomala wanga, mayi wina amene amatayipa ndi kusindikiza makalata kuno pa Boma. Sabata ziwiri zapitazo ndinachotsa ramu yakale ya 2 GB n'kuika ya 4 GB, ya DDR3. Pakapepala kake palembedwa PC3-12800, ndipo wogulitsa anati ndi ya 1600. Mavuto ndi awiri. Loyamba, mwana wawo watsegula CPU-Z n'kuona kuti pa DRAM Frequency palembedwa 798 MHz, ndiye akuti ndawagulitsa ramu ya theka. Lachiwiri ndi limene likundisowetsa tulo. M'mawa kompyuta imayenda bwinobwino, koma ikamakwana 1 koloko masana, malata akayamba kuwotcha, imabweretsa sikirini ya buluu, nthawi zina kawiri pa ola. Kodi mavuto awiriwa ndi amodzi? Sindikufuna mayiwa aziona ngati ndawabera.

Mnyamata wa ku Chimwala: Achimwene, 798 ija ndi chifukwa mwaika ramu imodzi. Mukaika ziwiri zofanana zimathandizana, 800 ndi 800, n'kukwana 1600. Gulani inzake basi.

Wamakompyuta pa Boma: Ndinaganizaponso zimenezo. Koma kompyuta yanga ya pashopu ili ndi ramu ziwiri, CPU-Z imalemba Dual, ndipo nayonso imaonetsa 798 yomweyo. Ndiye si pamenepo.

Mdala wa ku Malindi: Mwana wanga wa ku Chimwala, wasakaniza zinthu ziwiri. Zimene ukunenazo ndi misewu iwiri pakati pa purosesa ndi ramu, ndipo ndi nkhani ina. Nambala ya 798 ilibe vuto, achimwene a pa Boma, simunabere munthu. Koloko ya ramu imeneyo ndi 800 MHz ndithu, kutanthauza kuti voliteji pa waya wa koloko imakwera n'kutsika ka 800 miliyoni pa sekondi. Ramu za mtundu wakalekale wotchedwa SDR zinkatumiza biti imodzi pa waya aliyense koloko ikamakwera pokha. Ikamatsika panalibe chochitika. DDR imatumiza biti koloko ikamakwera, n'kutumizanso ina ikamatsika. Koloko 800, maulendo a deta 1600. Ramu ili ndi mawaya a deta 64, amene ndi mabaiti 8 pa ulendo, ndiye 1600 kuchulukitsa ka 8 ndi 12800, nambala imene ili pakapepalayo. Muwaonetse mayiwo masamu amenewa.

Koma funso lanu lachiwiri ndi lolemera, ndipo yankho langa ndi lakuti mwina mavutowa ndi apachibale. Kutumiza kawiri kuja kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umalipidwa ndi nthawi.

Mphunzitsi ku Makawa: Bambo a ku Malindi, ine ndimaphunzitsa ana za makompyuta ndipo ndimawauza kuti DDR imathamanga kawiri kuposa SDR. Ndiye mtengo mukunenawo uli pati? Ngati koloko ndi yomweyo, ine ndimaona ngati tapeza zaulere.

Mdala wa ku Malindi: Aphunzitsi, ganizirani mtondo. Mayi mmodzi akamasinja yekha, musi umalowa, n'kutuluka, ndipo mtondo umakhala wopanda musi mpaka atatsitsanso. Akachedwa pang'ono kapena akafulumira pang'ono palibe chimene chimalakwika. Tsopano abwere mnzake ndi musi wachiwiri. Aliyense akusinja pa liwiro lomwe lija, koma wina akamakweza wina akutsitsa. Chimanga chikukonoka msanga, inde. Koma musi uliwonse tsopano uli ndi theka la nthawi yolowa ndi kutuluka, ndipo mmodzi akangochedwa pang'ono misi imagundana pakamwa pa mtondo. DDR ndi kusinja awiri. Palibe wawonjezera liwiro la mkono, koma mpata wolakwitsa wachepa.

Pa manambala zili chonchi. Koloko ya 800 MHz imatenga mapikosekondi 1250 kukwera ndi kutsika kamodzi. Pikosekondi ndi sekondi yogawidwa ka miliyoni, chidutswacho n'kuchigawanso ka miliyoni. Ikanakhala SDR, biti iliyonse ikanakhala pa waya mapikosekondi 1250 onsewo. Pa DDR imakhala 625 okha, kenako inzake yafika.

Chemwali wa ku Namwera: Bambo, ndili ndi funso pamenepa. Ndinaphunzirako zamagetsi ku koleji koma mfundo iyi sinandilowe bwino. Ngati cholinga ndi mabiti 1600 miliyoni pa sekondi, bwanji osangokweza koloko kufika 1600 MHz n'kumatumiza pokwera pokha? Biti ikanakhalabe ndi mapikosekondi 625 omwewo. Ndiye taphulapo chiyani pogwiritsa ntchito potsika?

Mdala wa ku Malindi: Funso labwino kwambiri achemwali. Taonani waya wa deta pa SDR. Ngakhale mutumize 1, 0, 1, 0 mosinthanasinthana, wayayo amasintha kamodzi kokha pa kuzungulira kulikonse kwa koloko, pamene waya wa koloko amasintha kawiri. Ndiye kuti pa bolodi lonse, koloko ndiyo imathamanga kwambiri, kawiri kuposa deta imene ikuperekezayo. Ndipo chimene chimavuta kuyendetsa pa timizere ta kopa, kudutsa pa siloti, mpaka kufika pa tchipi chilichonse, ndi chothamangacho. Chimafooka m'njira, chimadya magetsi, chimasokoneza mawaya oyandikana nacho. DDR imapangitsa kuti deta izisintha pa liwiro limene koloko ikusinthira kale. Bolodi limene likukwanitsa kunyamula koloko ya 800 MHz silikupemphedwa kunyamula china chothamanga kuposa pamenepo. Phindu lake ndi limenelo.

Koma pali chimene SDR sinkadandaula nacho. Iyo inkangowerenga kuchokera pokwera kufika pokwera potsatira. Kaya koloko yakhala pamwamba nthawi yaitali kuposa pansi, zinalibe kanthu. Pa DDR potsika paja pasanduka malire a biti. Malamulo a DDR3 a JEDEC, bungwe loika miyezo ya ramu, amalola kuti theka la pamwamba likhale pakati pa 0.47 ndi 0.53 ya kuzungulira konse. Pa 1250, ndiye kuti biti imodzi itha kupeza mapikosekondi 587 pamene inzake yapeza 663. Ndipo simungabwereke nthawi kwa biti yolemera kukapatsa yosauka. Mumawerengera yosaukayo.

Wamakompyuta pa Boma: Zikumveka bambo. Ndiye kunena kuti ramu yanga ili ndi mapikosekondi 587 oti biti iwerengedwe? Ine ndimaona ngati akadali ambiri ndithu kwa chinthu chamagetsi.

Mdala wa ku Malindi: Ayi, si onse amene ali anu. Ndiloleni ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pamene pagona vuto lanu.

Purosesa ikamawerenga kuchokera ku ramu, sidalira koloko yake kuti idziwe nthawi yotola biti. Ulendo wopita ku ramu ndi kubwerako ndi wautali kuposa biti yeniyeniyo, ndiye koloko ya kunyumba singathandize. M'malo mwake tchipi cha ramu chimatumiza mabiti 8 pamodzi ndi mlonda wawo, siginolo yotchedwa DQS, imene imayenda njira yofanana ndi ya mabitiwo. Baiti iliyonse ili ndi DQS yakeyake. DQS ikasintha, kaya kukwera kaya kutsika, ndiye kuti biti yatsopano yayamba pa mawaya 8 aja.

Tsopano pepala la fakitale la DDR3-1600 limalonjeza zinthu ziwiri. Loyamba limalembedwa tDQSQ: waya wochedwetsetsa mwa 8 aja atha kufika mapikosekondi 100 pambuyo pa DQS. Lachiwiri ndi tQH: waya wofulumira kuchoka adzakhalabe ndi biti yake mpaka 0.38 ya kuzungulira kwa koloko, amene ndi mapikosekondi 475.

```
tCK  = 1250 ps
tQH  = 0.38 x 1250 = 475 ps
475 - 100 = 375 ps
```

Ndiye pa mapikosekondi 625 aja, amene tchipi chikutsimikiza kuti mabiti onse 8 ali bwino nthawi imodzi ndi 375 okha. Ndipo apa tili pa miyendo ya tchipi, deta isanayambe n'komwe ulendo.

Chemwali wa ku Namwera: Ndiye tichotsenso 38 uja wa koloko yopendekeka, titsale ndi 337?

Mdala wa ku Malindi: Ayi achemwali, mukatero mwalipira kawiri. Koloko ikanakhala yangwiro ndipo tchipi chikanakhala changwiro, tQH ikanakhala 0.5. Yatsika kufika 0.38 chifukwa kupendekeka kwa koloko ndi kunjenjemera kwake zawerengeredwa kale mmenemo. 375 akhale 375.

Chimene muyenera kuchotsa ndi za m'njira. Siginolo pa bolodi imayenda pafupifupi milimita imodzi pa mapikosekondi 6 kapena 7. Mzere wa kopa umodzi ukatalika ndi mamilimita 5 kuposa DQS yake, mwataya oposa 30. N'chifukwa chake mukayang'ana pakati pa purosesa ndi masiloti a ramu mumaona timizere tokhotakhota ngati njoka. Si zokongoletsa, akutalikitsa afupiafupi kuti onse afike limodzi. Kenako purosesa nayo imafuna kuti biti ikhazikike kanthawi isanaitole, ndi kukhalabe kanthawi itaitola. Kuchuluka kwake kumasiyana purosesa ndi purosesa, koma tingoyerekeza kuti ndi 100 mbali iliyonse. Pa 375 tachotsa 200, tachotsa 30, tatsala ndi 145, kutanthauza 70 kutsogolo ndi 70 kumbuyo. Amenewo ndiwo akuyembekezera phokoso la mawaya oyandikana, kugwedezeka kwa voliteji, dzimbiri la pa siloti, ndi kutentha kwa Okutobala wa ku Mangochi.

Wamafoni ku Mpondasi: Pepani ndalowerera, koma nkhani imeneyi ikundikhudza. Ine pa mafoni, mzere ukaduka pansi pa tchipi cha eMMC ndimalumikiza ndi kawaya, ndipo mafoni ambiri amadzuka n'kugwira ntchito. Mwezi watha ndinayesa zomwezo pa laputopu, mzere wa ramu unadulidwa ndi sikuludiraiva, ndinaika kawaya mwina masentimita awiri. Inayaka koma imangozima ikamatsegula Windows. Ndimaganiza kuti ndinawotcherera molakwika, ndinabwereza katatu.

Mdala wa ku Malindi: Achimwene a ku Mpondasi, mwina dzanja lanu silinalakwe. eMMC nayo ili ndi DDR yake. Pa HS200 koloko ndi 200 MHz ndipo imatumiza pokwera pokha. Pa HS400 koloko ndi 200 MHz yomweyo koma imatumiza mbali zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake anawonjezera mwendo wa Data Strobe, mlonda ngati DQS uja. Koma ngakhale pa HS400, biti ili ndi mapikosekondi 2500. Kawaya kowonjezera masentimita awiri kamachedwetsa ndi 100 kapena kuposerapo pang'ono. Pa 2500 n'kutapa madzi m'nyanja ya Malombe ndi kapu. Pa ramu ya laputopu, pamene mwatsala ndi makumi angapo mbali iliyonse, 100 wadya zonse. Komanso kawaya kolendewera sikafanana ndi mzere wa pa bolodi umene uli ndi kopa ya pansi pake, ndiye siginolo ikafika polumikizirapo ina imabwerera m'mbuyo n'kusokoneza biti yotsatira.

Wamafoni ku Mpondasi: Ndiye laputopu imeneyo ndiitaye?

Mdala wa ku Malindi: Ngati mzere wodukawo ukupita ku siloti imodzi yokha, gwiritsani ntchito inayo. Ngati ayi, kandani mbali ziwiri za podukapo n'kulumikiza pomwepo, kawaya kasapitirire milimita imodzi kapena ziwiri, kagone pa bolodi. Sindikulonjeza, koma mwayi ulipo kuposa waya wautali.

Mnyamata wa ku Chimwala: Koma bambo, ngati mpata ndi wochepa choncho, kompyuta imadziwa bwanji potolera? Ndimaganiza kuti imangotola pamene DQS yasintha.

Mdala wa ku Malindi: Ikatola pamenepo ipeza zinyalala, chifukwa powerenga, DQS ndi deta zimasintha nthawi imodzi. Purosesa imayenera kuchedwetsa DQS kuti igwere pakati pa biti. Mwachidule amati kota ya kuzungulira kwa koloko, mapikosekondi 312. Koma taonani mpata wathu uja: ukuyamba pa 100, ukutha pa 475, pakati pake ndi 287, osati 312. Ndipo baiti iliyonse pa bolodi lililonse ili ndi pakati pakepake. Ndiye mukayatsa kompyuta, sikirini isanaonetse kanthu, BIOS imalemba deta yodziwika mu ramu n'kumaiwerenga ikusuntha DQS pang'onopang'ono. Imaona poyambira kuwerenga bwino, imaona pothera, n'kukhazika DQS pakati. Imachita zimenezi baiti iliyonse. Polemba zimatembenuka, purosesa ndiyo imatumiza DQS itaikhazika kale pakati pa biti, ndipo nazonso zimayesedwa.

Achimwene a pa Boma, ganizirani izi. Mayiwo amayatsa kompyuta m'mawa kuli kozizira. Kuyesa kuja kumachitika nthawi imeneyo. Masana tchipi chatentha, matiranzisita akusintha mochedwerapo, mpata wasuntha ndiponso wachepa. Pa kompyuta yabwinobwino zimenezi zinawerengeredwa kale, ndipo tchipi ndi purosesa zimadzikonza pang'ono zikugwira ntchito. Koma ngati baiti imodzi inayamba kale tsiku ili ndi mpata wochepa, kutentha kumangomalizitsa.

Mphunzitsi ku Makawa: Ine ndikukayika pang'ono bambo. Ndinamva kuti ramu ikatentha imaiwala, magetsi amatuluka m'timaselo take. Bwanji tisanene kuti ndi zimenezo? Kapena ramuyo ndi yowola basi, za mapikosekondi zilibe nazo gawo.

Mdala wa ku Malindi: Zimene mwamvazo ndi zoona aphunzitsi. Timaselo timataya magetsi msanga tikatentha, ndipo tchipi chikadutsa madigiri 85 chimafunika kutsitsimutsidwa kawiri kawiri kuposa nthawi zonse. Sindikukana kuti zitha kukhala zimenezo. Koma tisakangane, pali njira yosiyanitsira. Achimwene, ikani Memtest86+ pa fulashi, muiyendetse masana kukutentha, ndipo musangoyang'ana kuti kwafiira. Lembani zimene zili pa Failing Address ndi pa Err-Bits. Selo yowola imabwerera pa adiresi yomweyo ndi biti yomweyo ulendo uliwonse. Vuto la nthawi limayendayenda ma adiresi, chifukwa cholakwika si mosungiramo koma njira, koma limakonda kukakamira baiti imodzi, chifukwa baitiyo ili ndi DQS imodzi.

Wamakompyuta pa Boma: Ndabwerako. Ndinaitenga kompyuta dzulo. M'mawa kuyambira 6 mpaka 9 koloko, maulendo awiri athunthu, palibe cholakwika. Ndinaisiya ikuyenda. Cha m'ma 1 koloko zinayamba, ndipo pofika 3 koloko zinali 14. Ma adiresi onse ndi osiyana, ena kutsogolo ena kumapeto. Ambiri atuluka pa Random number sequence ndi Block move. Pa Err-Bits ndalemba izi:

```
00400000
00400000
00040000
00410000
```

Yoyambayo ndiyo yabwera kambirimbiri.

Chemwali wa ku Namwera: Zonsezi zili mkati mwa 00ff0000! Ndi baiti imodzi. Ndipo 00400000 ndi biti 22, ndiye vuto lili pa mwendo wa DQ22. Achimwene, werengani miyendo pa siloti mupeze DQ22 muone ngati yapindika.

Mdala wa ku Malindi: Pa baiti mwalasa achemwali, pa mwendo musathamange. Pulogalamuyo ikuonetsa mabiti 32 pamene msewu wa ramu ndi wa 64, ndiye itha kukhala theka la pansi kapena la pamwamba. Komanso opanga mabolodi amaloledwa kusinthanitsa mawaya mkati mwa baiti kuti timizere tiyende bwino, ndiye biti 22 ya pa sikirini siyenera kukhala DQ22 ya pa siloti. Koma chithunzi chaoneka. Ma adiresi obalalika, baiti imodzi, waya mmodzi wofooka kuposa anzake, ndipo zikutuluka pa mayeso amene mawaya ambiri amasintha nthawi imodzi mosalongosoka. Mayeso a ziro yekhayekha kapena wani yekhayekha savutitsa njira, chifukwa waya amene sakusintha alibe m'mphepete mochedwa. Izi sizikuoneka ngati selo yoiwala.

Tsopano chitani chinthu chimodzi chokha, osakhudza china. Lowani mu BIOS, tsitsani ramu kuchoka pa 1600 kufika pa 1333, muyesenso masana.

Mnyamata wa ku Chimwala: Kapena mungokweza voliteji ya ramu kufika 1.65, anzanga amasewera amatero ndipo zimakhazikika.

Wamakompyuta pa Boma: Ya kasitomala imeneyo mphwanga, ndipo m'shopu mwawo mulibe fani. Kuwonjezera moto pa chinthu chimene chikudandaula kale kutentha sindingayerekeze. Ramuyo ndi ya 1.5 V, ikhale pomwepo.

Wamakompyuta pa Boma: Zotsatira za lero. Pa 1333, CPU-Z ikuonetsa 665 MHz. Memtest86+ kuyambira 11 koloko mpaka 5 koloko madzulo, kutentha kwake kuja kosagoneka, palibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Mdala wa ku Malindi: Ndi zimene ndimayembekezera. Pa 1333 koloko imazungulira pa mapikosekondi 1500, biti ili ndi 750 m'malo mwa 625. Kuchedwa kwa waya wofooka uja sikunasinthe, ndi waya yemweyo, siloti yomweyo. Chasintha n'chakuti biti iliyonse yapatsidwa 125 owonjezera, pafupifupi 60 mbali iliyonse. Ngati masana munkapereweredwa ndi 10 kapena 20, tsopano mwatsala ndi chenji. Ndipo aphunzitsi a ku Makawa, selo yotaya magetsi sikanachira ndi kutsitsa koloko, chifukwa nthawi ya pakati pa kutsitsimutsa imakhala yomweyo.

Mphunzitsi ku Makawa: Pamenepo ndavomera. Koma mayiwo analipira 1600. Mukawapatsa 1333 simunawachepetsere katundu?

Chemwali wa ku Namwera: Ndayesa kuwerengera, mundikonze bambo. 1333 ka 8 ndi pafupifupi 10667 MB pa sekondi m'malo mwa 12800, ndiye yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Koma nthawi yodikira biti yoyamba sinaipe. Pa 1600 ramu zambiri ndi CL11, kutanthauza kudikira kuti koloko izungulire ka 11, ndipo 11 ka 1.25 ndi mananosekondi 13.75. Pa 1333 ndi CL9, 9 ka 1.5 ndi 13.5. Ndiye pofunsa kanthu kakang'ono, yankho likubwera nthawi yofanana.

Mdala wa ku Malindi: Palibe chokonza. Ndipo aphunzitsi, apa ndi pamene ndingakupempheni kusintha zimene mumauza ana. DDR imawirikiza kuchuluka kwa deta imene ikudutsa ikayamba kuyenda. Siifupikitsa nthawi yodikira kuti iyambe. Timaselo ta mkati mwa DDR3-1600 timayenda pa 200 MHz basi, tchipi chimatapa mabiti 8 nthawi imodzi pa waya aliyense n'kumawatulutsa motsatizana. Malamulo ndi ma adiresi pa DDR3 amatoledwanso pokwera pokha, ndi deta yokha imene imayenda mbali ziwiri. Pa ntchito yotayipa makalata ndi kusindikiza, mayiwo sadzamva kusiyana kwa 1333 ndi 1600. Sikirini ya buluu pakati pa kalata ya munthu ndiyo amaimva.

Komabe achimwene a pa Boma, musaiwale kuti kutsitsaku kwabisa matenda, sikunachize. Ramu yolembedwa 1600 pa bolodi lovomereza 1600 iyenera kuyenda ngakhale masana. Chinachake chikudya mpata wa baiti imeneyo ndipo sitinachipeze. Chitha kukhala tchipi chimodzi chofooka pa ramupo, dothi kapena dzimbiri pa timano ta golide, mwendo wa siloti wotopa, kapena makapasita okalamba a pafupi ndi masiloti amene akulola voliteji kugwedezeka. Ramu imasiyanitsa 0 ndi 1 poyerekeza ndi theka la voliteji yake, 0.75 V, ndiye muyezo umenewo ukasuntha, pamene biti ikuoneka kuti yayamba ndi pamene yatha pamasunthanso.

Wamafoni ku Mpondasi: Ine ndikuika ndalama yanga pa dzimbiri. Kuno kufupi ndi madzi zinthu zimachita dzimbiri msanga, ndimaziona pa madoko ochajira tsiku lililonse.

Mphunzitsi ku Makawa: Koma ramu yakale ya 2 GB inkayenda bwino pa siloti yomweyo. Dzimbiri likanaivutanso.

Wamakompyuta pa Boma: Ndayang'ana yakaleyo aphunzitsi, ndinali ndisanaitaye. Palembedwa PC3-10600. Ndiye kuti kompyuta imeneyi moyo wake wonse yakhala ikuyenda pa 1333. Ine ndi amene ndinayamba kuiyendetsa pa 1600.

Mdala wa ku Malindi: Ndiye ramu yakaleyo siingachitire umboni siloti. Bolodi litha kukhala kuti linali ndi chilema kuyambira kale, chobisika mu 125 aja.

Wamakompyuta pa Boma: Lero ndapukuta timano ta ramu ndi sipiriti, ndapemerera siloti, ndabwezera pa 1600, ndipo ndazimitsa Fast Boot kuti BIOS iyesenso mwatsopano. Masana onse zolakwika zatuluka 2, osati 14, zonse 00400000. Koma lero kunali mitambo, ndiye sindikudziwa ngati ndi kupukuta kapena nyengo. Ndasamutsira ramu ku siloti yachiwiri koma nthawi inatha, mayiwo amafuna kompyuta yawo chifukwa ali ndi ntchito ya makadi a ukwati. Ndawabwezera ili pa 1333 ndipo ndawafotokozera zonse, za 798 zomwe. Loweruka aibweretsanso.

Chemwali wa ku Namwera: Achimwene, Loweruka muyesenso ramu yomweyo mu kompyuta yanu ya pashopu pa 1600. Ikalakwitsanso kumeneko ndiye kuti ndi ramuyo.

Mdala wa ku Malindi: Inde, ndipo mutengenso imodzi mwa ramu zanu ziwiri zija muiike mu ya mayiwo, siloti yoyamba, pa 1600, nthawi ya masana. Muchotse chivundikiro cha bokosi ulendo umodzi, ulendo wina muvundikire, kuti tione gawo la kutentha palokha. Ulendo uliwonse lembani Err-Bits. Ramu yanu yabwinoyo ikadzalakwitsa mkati mwa 00ff0000 momwemo, muyang'ane makapasita a pafupi ndi masiloti ngati ena atupa pamwamba, ndipo mutitumizire chithunzi.